Ndani anatseka ngalande?

Ndili Fomu 2 ku Kasinje, aphunzitsi a Chingerezi anatilembera pa bolodi kankhani koti tiphunzirirepo aneni a nthawi yakale. Kankanena za mlimi wina amene anatseka ngalande kuti madzi onse alowe m'munda wake wa mpunga. Dzina sanamupatse, koma anamupatsa njinga yopanda mabuleki ndi chala chodukira ku migodi ya ku Joni.

Ku Bwanje konse, munthu woduka chala choncho anali bambo anga okha, ndipo munda wathu unkachita malire ndi wa aphunzitsiwo.

Pansi pa kankhaniko panali mafunso asanu. Lomaliza linkati, ndani anatseka ngalande? Ine ndinayankha kuti mlimi wina, pakuti aphunzitsi omwewo ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti, "Yankho lizichokera m'nkhani, osati m'mutu mwanu."

Makope atabwerako, ndinaona mnzanga wokhala naye desiki akubisa lake ndi chigongono, ndipo ndinamulanda. Anali atalemba dzina la bambo anga. Aphunzitsi anazunguliza ndi inki yofiira mneni amene iye analakwitsa, n'kulemba woyenera pamwamba pake. Dzinalo analichonga.