Zitenje Zotsika Mtengo Mpaka Loweruka

Chimene chinayamba kundiopsa ndi chikwama. Bambo a ana anga anabwera nacho kuchokera kuboda, chofiira, chatsopano, m'kati muli nsapato za pulasitiki, n'kupatsa mwana wathu woyamba, wamkazi, amene anali mu Sitandade 3. Munthu woti sanamugulirepo ngakhale pensulo. Wamng'ono, wamwamuna, amene ndinkamuberekabe, sanamugulire kanthu. Mtsikanayo anavina pabwalo chikwama chili kumsana, ine ndili pakhomo ndikusankha nyemba m'lichero.

Sindinafunse msanga. Pamudzi wa apongozi ku Lufita mkazi wolowoledwa amayamba watchera khutu. Ndiye ndinamva alamu anga, mlongo wa amuna anga, akuuza apongozi kuseri kwa nkhokwe kuti Lamulungu kubwera mayi wina wa ku Tanzania kudzatenga mwanayo, azikamulerera ana, ndipo akamuika pasukulu yabwino. Sukulu imeneyo ndinkaidziwa. Mwana wa mnzanga wa ku Kaseye anapitanso choncho, ndi chikwama chatsopano, mpaka lero mayi ake akamva njinga yamoto amatuluka panja.

Nditawafunsa bambowo, anandiyankha akutsuka m'manja, osandiyang'ana. Anati mwana ndi wawo, ng'ombe zinapita kwathu, nkhani yatha.

Ndinali ndi mkulu wanga ku Karonga, kumene ndikanathawira ndi ana. Ndalama yokwerera ndinalibe, yodyera tikafika ndinalibenso, chifukwa zonse ndinali nditapikulira zitenje. Ndinkagulitsa pa Boma, pakhonde la telala wina wachikulire pafupi ndi msika, zitenje nditazipachika pachingwe. Koma ogula enieni anali pa foni: manesi, aphunzitsi, akazi a apolisi ndi a anthu a misonkho, amene anali ndi gulupu yawo yogulitsirana zinthu, ndipo ine anandilowetsamo chifukwa cha zitenje zomwezo. Pa mtengo wa masiku onse zinkayenda pang'onopang'ono, lero chimodzi, mawa palibe. Ine ndinkafuna zithe Lamulungu lisanafike.

Uthenga woyamba ndinaulemba potsanzira mauthenga amene ndinkawaona akuzungulira m'mafoni. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha. MWAYI MWAYI MWAYI, ZITENJE THEKA LA MTENGO, LERO LOKHA, TUMIZANI NDALAMA MSANGA PA NAMBALA IYI ZISANATHE. Chithunzi ndinaika cha pa intaneti, cha zitenje zokongola kuposa zanga, chifukwa foni yanga imajambula mwautsi. Ndinatumiza n'kukhala pansi kudikira.

Palibe anagula. Wina analemba kuti amayi samalani, foni ya mayi wa zitenje yabedwa. Wina anaika tinkhope toseka n'kunena kuti akaidi ayambanso kugulitsa zitenje. Posakhalitsa woyang'anira gulupu anaufufuta uthengawo. Ndinakhala pakhonde paja ndikuyang'ana foni, mwana akukoka bere, tsiku likupita.

Madzulo ake kunabwera kasitomala wanga wina, mkazi wa bwana wa misonkho. Kwawo ndi ku Zomba, Chichewa chake chosalala, koma anaphunzira kupereka moni wathu. Anati monire mama, n'kundiuza kuti wabwera kudzaona ndi maso ngati foni ili m'manja mwanga. Nditamuonetsa anaseka mpaka kugwira chingwe cha zitenje.

"Ndiye munalemba nokha? Mayi inu, mawu amenewo ndi a akuba. Wakuba ndi amene amakuwa kuti tumizani msanga."

Ndinati nanga ndilembe chiyani adona, ndikufuna zithe sabata ino. Anakhala pabenchi ya telala n'kuyamba kundifunsa ngati nesi. Zilipo zingati? Mtengo wake weniweni ndi uti, umene amayi onse akuudziwa? Nditsitsa kufika pati osalira? Anati theka la mtengo palibe angakhulupirire, aliyense akudziwa kuti kuboda sapereka zaulere. Anati lero lokha ndi bodza loonekeratu, chifukwa mawa andipeza pakhonde pomwepa ndi zitenje zomwezi, komanso nesi amene ali pantchito lero afika bwanji. Nditchule tsiku ndi nthawi, ndipo ikakwana nthawiyo zithedi. Ndinene pamene ndili, munthu abwere, agwire nsalu, alipire ataona. Chithunzi chikhale cha zitenje zanga pachingwe changa, ngakhale chautsi, makina a telala azioneka kumbuyo.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Chifukwa chake n'chiyani? Munthu akatsitsa mtengo osanena chifukwa, timaganiza kuti nsaluyo ndi yosuluka kapena yakuba."

Ndinayang'ana telala. Anali akuponda makina, mutu pansi. Ndinamuuza mayiyo monong'ona za chikwama, za Lamulungu. Kuseka kunamuthera. Anati tipite kupolisi, kuli ofesi yoona za amayi ndi ana, amuna ake akudziwana nawo. Ndinakana. Mwina ndinalakwa, mpaka pano sindidziwa. Ndinkangoona bambowo akufika kumeneko atavala jekete, akunena kuti mwana akungopita kukacheza kwa azakhali ake, kenako ine ndikubwerera kukagona m'nyumba yomweyo, pamudzi womwewo, aliyense akudziwa kuti ndinakawaneneza.

Mayiyo sanandikakamize. Anati ndisaname, koma sindikuyenera kunena zonse. Anafunsa ngati ndidzagulitsenso zitenje pakhonde limeneli. Ndinati ayi. Anati basi, chifukwa chake ndi chimenecho.

Tinalemba chonchi, zilembo zing'onozing'ono, iye akunena, ine ndikusintha kuti zimveke ngati ine:

"Amayi, ndine ndemwe, foni sinabedwe, pepani ndi uthenga uja. Ndikutseka geni ya zitenje. Zatsala 24, ndi zimene mukuziona pachingwezi. Zinali K5,000 chimodzi, pano K4,000, mpaka Loweruka 12 koloko masana. Ikadutsa nthawiyo pakhonde la telala sipakhalanso zitenje. Musatumize ndalama pa foni. Bwerani muone, mugwire, mulipire pompo."

Uthengawo nditauikanso pa sitetasi ya foni yanga, anandionetsa mobisira anthu ena, ndipo ndinabisira amuna anga, alamu anga ndi onse a pamudzi paja. Mu gulupu munalibe m'bale wawo. Mayi uja anayankha woyamba pansi pa uthengawo kuti wafika, wandiona, watenga ziwiri.

M'mawa mwake anayamba kubwera. Manesi awiri ali m'yunifolomu, mphunzitsi wina pa kabaza, mkazi wa wapolisi amene ananenerera mpaka ndinatuluka thukuta. Mayi uja anali atandiuza kuti ndisatsitsenso, ukatsitsira mmodzi onse aziti mtengo wolembedwawo ndi wabodza, ndiye ndinaumirira. Madzulo ndinkalemba zimene zatsala, nambala yeniyeni, ndi chithunzi cha chingwe chikupepuka. Aliyense ankandifunsa kuti mukutsekeranji mama, ine n'kumati zavuta, maso ali kumsewu. Njinga iliyonse yochokera ku Lufita ndinkaiona isanafike pa chigayo.

Chimene sindinachiganizire n'choti uthenga ukakhala wokhulupirika anthu amatumizirana. Woyamba uja palibe anautumiza kwa mnzake. Wachiwiriwu unayenda, kuchoka mu gulupu kupita kwa amayi a kutchalitchi, mpaka Lachinayi masana ndinangoona alamu anga aima pakhonde, foni ili m'manja.

"Mlamu, mukutseka geni osatiuza a pakhomo? Kapena mwapeza ntchito kubanki?"

Anaseka, nanenso ndinaseka. Anagwiragwira zitenje, n'kusankha chimodzi, n'kunena kuti alipira kunyumba. Ndinadziwa kuti nkhani ifika ine ndisanafike.

Ndinawapeza bambo a ana atakhala pampando panja, dzuwa lisanalowe. Anawerenga uthenga wonse mokweza kuchokera pa foni ya mlongo wawo, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga m'tchalitchi. Anafunsa kuti ndikutsekeranji. Ndinati zitenje sizikuyenda, ndikufuna kuyamba nyemba. Anatambasula dzanja. Ndinamasula kansalu ka ndalama ka m'chiuno n'kupereka. Zina zochepa ndinali nditasungitsa kwa telala, koma zambiri zinali m'kansaluko, ndipo zinalowa m'thumba la jekete ndikuona.

"Walemba wekha kuti mpaka Loweruka masana. Ukamaliza ubwere nazo zonse kuno, tikagulire mwana zapaulendo."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti nawonso aukhulupirira uthengawo. Boma yonse inkadziwa kuti mayi wa zitenje ali pakhonde la telala mpaka Loweruka 12 koloko, ndipo iwo sankaona chifukwa chondilondera nthawiyo isanakwane.

Lachisanu ndinadzuka ngati masiku onse. Mtsikana ndinamuuza kuti chikwama chatsopano achisiye pamsomali, chingade ulendo usanafike, apite kusukulu ndi jumbo yake yakale. Analira pang'ono. Zovala za ana ndinazikulunga m'kati mwa mtolo wa zitenje, wamng'ono kumsana, n'kudutsa apongozi akusesa. Ndinawapatsa moni, anayankha osadzutsa mutu.

Pakhonde ndinapachika zitenje zotsala bwinobwino, zowala kumapeto, kuti munthu wodutsa pamsewu azizionera patali. Ndinagulitsa zitatu m'mawawo. Kenako ndinamupempha telala kuti agulitse zotsalazo pa mtengo womwewo mpaka Loweruka 12 koloko, ikakwana achotse chingwe, amayi asadzati ndinawanamiza. Wina akandifunsa anene kuti ndangochokapo. Telalayo anaimitsa makina. Anatsegula kabati ya makina, n'kundipatsa zimene ndinasungitsa, n'kunditsanzika m'chiyankhulo chathu kuti yewo mama, mwende makora.

Sizinali zambiri. Zokwerera zinakwana, zotsala zinali za chakudya cha masiku ochepa. Ndinkadziwanso kuti kwa mkulu wanga si kobisika, amuna anga anafikako pa maliro. Adzabwera ndi abale awo, adzatchula ng'ombe, ndipo akwathu, amene ng'ombezo anadya kalekale, adzandiuza kuti ndibwerere. Palibe chimene ndinkaona kutsogolo kupitirira Lamulungu. Ndinkangofuna kuti mayi wa ku Tanzania akafika apeze chikwama pamsomali, mwini wake palibe.

Nthawi yopuma ndinapita kusukulu, ndinauza aphunzitsi kuti mwana ndikupita naye kuchipatala. Sitinakwerere pa depoti, pamene anyamata oitanira amadziwa aliyense. Tinayenda wapansi kutsika msewu wa ku Karonga mpaka nyumba zinayamba kutalikirana, ndipo minibasi itatulukira ndinaimika. Ndinazimitsa foni, ndinachotsa simu n'kuimanga pakona ya chitenje. Mtsikana ndinamukhazika pakati, kutali ndi windo, n'kumufunditsa kumutu ngati wodwala, wamng'ono ali pamiyendo. Anandifunsa ngati tibwerere kukatenga chikwama chake. Ndinamuuza kuti aweramitse mutu mpaka tidutse mapiri.