Kabuku ka Nyenyezi Imodzi

Ine sukulu ndinalekera giredi 7. Ndimaweta ng'ombe zamkaka kufupi ndi Palabana, ndipo mkakawo ndimagulitsa panjinga. Zolankhula zambiri sindizikonda. Koma nkhani ya kabuku ija imandiwawabe mpaka lero, n'chifukwa chake ndayilemba.

Mwana wanga womaliza ndi wamkazi. Chaka chimenecho anali mu giredi 7. Mphunzitsi wake anali mayi wamfupi wa magalasi, wochokera ku Chipata, amene ankakhala m'nyumba ya sukulu. Ankagula mkaka kwa ine m'mawa uliwonse, ndipo ndinkamutcha Ba Madamu.

Kumapeto kwa temu yachiwiri ndinamupeza pakhonde ali ndi milu itatu ya mapepala, mulu uliwonse ataupsinja ndi mwala chifukwa cha mphepo ya mu Julayi.

"Mugulitsa vitumbuwa, Ba Madamu?"

Anaseka. Anati akukonza kabuku kobwereza zonse za temuyo, koti ana akagwire pa holide, popeza mayeso aakulu anali pafupi. Anandifotokozera ndili chiimire ndi chigubu m'manja. M'kalasi mwake munali ana ochuluka, atatu kapena anayi pa desiki imodzi. Ena ankawerenga Chingerezi ngati a pa wailesi, ena ankavutika kuwerenga ngakhale zolembedwa pa paketi ya sopo. Funso limodzi silingawakwanire onsewo. Choncho mutu uliwonse anaugawa patatu. Gawo losavuta anaika nyenyezi imodzi pamwamba, ndipo linali ndi chitsanzo choyankhidwa kale ndi zithunzi. Gawo lapakati linali ndi nyenyezi ziwiri ndi mafunso onga a pamayeso, osankha A, B, C kapena D, opanda chitsanzo. Gawo lovuta linali ndi nyenyezi zitatu ndi masamu obisika m'nkhani, oti uyambe wamva Chingerezi usanawerengere. Mayankho ankalemba papepala lina, losunga yekha.

"Ni makwerero," anatero. "Mwana ayamba pansi, akwera."

Ndinati zili bwino, ndinathira mkaka, ndinapita. Mawu oti makwerero ndinawasunga.

Tsiku lotsekera sukulu mwana wanga anabwera osapereka moni. Analowa m'nyumba, osatulukanso. Madzulo mnyamata wa oyandikana nafe, wa m'kalasi yomweyo, anadutsa pamsewu ndi anzake akukupiza kabuku kake m'mwamba.

"Ba Nyenyezi Imodzi, muliko? Tibwere tikuwerengereni?"

Anaseka onse. Ndinangodzuka pampando, iwo anathawa.

Kabuku ka mwana wanga ndinakapeza pansi pa mphasa, katapindidwa pakati. Ndinakatsegula. Tsamba loyamba linali ndi nyenyezi imodzi, lachiwiri nyenyezi imodzi, chimodzimodzi mpaka lomaliza. Munali chithunzi cha buledi wodulidwa panayi, kuti apake utoto zidutswa zitatu. Mtsikana woti alemba mayeso a boma azipaka buledi! Makwerero aja ndinawafuna, sindinawaone. Anam'patsa sitepe yoyamba yokha, zinazo anachotsa.

"Madamu anapatsa bwanji?" ndinafunsa mwanayo.

"Anaitana maina pamaso pa onse. Poyamba a zitatu, kenako a ziwiri. Ife tinatsala."

"Ndiye?"

"Sinizabwererako, Atate."

Sanalire. Zikanakhala bwino akanalira.

Sabata yotsatira kunabwera mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene amakhala ku Lusaka. Kuyambira kale ankafuna mtsikana womulerera khanda. Anamva nkhaniyi asanavule ndi nsapato zomwe.

"Alamu, nichani movutikira? Ba ticha aona kale. Mutu wa sukulu alibe. Nipaseni, azadya bwino, azavala bwino. Nibwerera pa Sondo, tiyende naye."

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Mwanayo anati, "Nizayenda." Anayamba kuchapa zovala zake tsiku lomwelo. Ine ndinaona ana ambiri atapita choncho. Amati akapitiriza sukulu kumeneko. Amabwera patapita zaka ali ndi mwana kumsana.

M'mawa mwake mkaka sindinapereke kwa aliyense. Ndinatenga mwana ndi kabuku, ndinapita kunyumba ya mphunzitsi. Ndinakaponya pathebulo lake.

"Makwerero yanu ni aya?"

"Mwauka bwanji, atate? Khalani pansi."

"Sinikhala. Ndani anakuuzani kuti mwana wanga ni wa nyenyezi imodzi?"

"Tesiti ya pakati pa temu. Masamu anapeza zochepa maningi."

"Anali kudwala malungo masabata angati? Munabwera mweka kumuona. Anadzuka pamphasa, mawa lake tesiti."

"Nidziwa."

"Mudziwa!"

Ndinakweza mawu mpaka mkazi wa ba hedi a sukulu anasuzumira pa mpanda. Ba Madamu sanachite mantha. Anavula magalasi n'kundiuza zake. Anati ankafunadi kuti mwana aliyense alandire magawo onse atatu, koma mapepala amene ofesi inam'patsa sakanakwana. Anayenera kusankha: aliyense alandire tizidutswa ta zonse, kapena alandire gawo limodzi lathunthu. Anati chaka chatha anapatsa kalasi yonse mafunso ofanana, a mulingo wa mayeso. Ana ofooka anayang'ana funso loyamba n'kutseka. Timabuku tina anakatipeza pamsika, atakulungira vitumbuwa.

"Mwana amene alephera funso loyamba sapita pa lachiwiri," anatero. "Ninafuna kuti apeze zimene angakwanitse."

"Nanga pepala la mu Novembala lizabwera na nyenyezi? Uyu bazamupatsa la buledi?"

"Iyayi. Pepala ni limodzi."

"Ndiye azaliona liti funso lenileni? Tsiku la mayeso?"

"Temu ikubwerayi. Akamaliza gawo loyamba."

"Temu ikubwerayi azakhala ku Lusaka, achapa matewera."

Ba Madamu anayang'ana mwanayo, mwanayo anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Ni zoona, iwe?"

"Banitcha Ba Nyenyezi Imodzi, Madamu. Na ana a giredi 4 omwe."

Mphunzitsiyo analowa m'nyumba, natuluka ndi mapepala ake olemba pamanja, a nyenyezi ziwiri. Anapatsa mwanayo pensulo ndi kuloza funso: magawo awiri mwa atatu a 12. Mwanayo anawerenga pa zala, analemba 8.

"Mwaona?" ndinatero.

"Dikirani, atate."

Analoza lina: theka kuphatikiza gawo limodzi mwa atatu. Mwanayo anaphatikiza manambala apamwamba, anaphatikizanso apansi, nalemba 2/5. Ine sindinadziwe ngati wakhoza. Ndinaona pankhope pa mphunzitsi.

"Yankho ni 5/6," anatero. "Izi ndiye tinaphunzira pamene anali kudwala. Afunika kuyamba wadziwa kuti theka ni chimodzimodzi na zidutswa zitatu mwa sikisi. Ndiye ntchito ya buledi uja mukumunyoza. Sininamupatse kuti nimuchititse manyazi."

"Koma manyazi anachita."

"Anachita. Kuitana maina kuja ninalakwa."

"Limodzi wakhoza, limodzi walephera. Ni wa nyenyezi zingati ameneyo? Imodzi na hafu?"

Sanaseke, inenso sindinaseke. Ndinamuuza kuti ndikufuna magawo enawo. Anati makope anatha, kwatsala mapepala ake enieniwo, ndipo akatayika ndiye kuti ntchito ya mwezi wathunthu yapita. Ndinati ine ndimanyamula mkaka pamsewu wa mabampu osataya dontho. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawaika mu pulasitiki, nanena malamulo ake. Mwana ayambe wamaliza gawo loyamba, mutu ndi mutu, abwere nalo kuti iye achonge. Akakhoza bwino mutu umodzi, akwere pa nyenyezi ziwiri za mutu womwewo, osadumpha. Mayankho atsala kwa iye.

"Mukamupatsa va nyenyezi zitatu lelo, muzamuthyola mweka," anatero.

"Namva."

Ndinatola kabuku kaja pathebulo, ndinakwera minibasi kupita ku boma la Chongwe. Pa shopu ya fotokope pafupi ndi msika malaiti anali atapita, makina osagwira. Ndinakhala pa benchi, pulasitiki ili pachifuwa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Kunyumba mkaka wa m'mawa unali kusasa m'zigubu. Ndinakwiyira mphunzitsi, ndinakwiyira ba hedi ndi mapepala awo, mlamu wanga, malaiti, ndi amene anaika ana ochuluka chotere m'chipinda chimodzi n'kuuza mayi mmodzi kuti awaphunzitse onse. Malaiti atabwera, mtsikana wa pashopupo anakopa mapepala aja n'kufunsa ngati amange timabuku tiwiri.

"Kamodzi," ndinatero. Ndinatulutsa kopindidwa kaja m'thumba. "Na aka. Mumange pamodzi vonse. Aka pamwamba."

Anamenya sitepula katatu. Kanakhala kabuku konenepa.

Ndinabweza mapepala a Ba Madamu dzuwa lisanalowe. Kunyumba ndinaika kabuku pamiyendo pa mwana. Anatsegula kumapeto, kumene kunali nyenyezi zitatu. Anawerenga funso lina milomo ikugwedera, nthawi yaitali.

"Ili likamba za mkaka, Atate. Mlimi ali na malita 24."

"Ungalikwanitse?"

"Sinidziwa."

"Yamba na buledi."

Loweruka anapita kukachongetsa mutu woyamba, wa mafulakishoni, wa buledi uja. Anabwera ndi mizere yofiira yokhoza yambiri, iwiri yolakwa. Ba Madamu anamulola kukwera pa mutu umenewo wokha. Mwanayo sanandiuze kanthu za Lusaka, inenso sindinafunse. Zovala zake zinali zikadali m'chikwama pakona.

Pa Sondo titabwera ku tchalitchi mlamu anamanga katundu wake. Anaima pakhomo.

"Iwe, tiye, minibasi izatisiya."

Mwanayo anali pansi pa mtengo wa mango, kabuku pabondo, pensulo m'kamwa.

"Amayi akulu, Madamu banena nipite pa Chiwiri bakachonge."

"Ukachonge chani? Si ndiwe wa nyenyezi imodzi iwe?"

"Pa mafulakishoni nili pa ziwiri."

Mlamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, muzamuvutitsa chabe mwana."

"Ni wanga," ndinatero. Ndinamanga chikwama cha mlamuyo pa keriyala ya njinga, ndinamuperekeza yekha kumsewu.

Temu yachitatu Ba Madamu anakonzanso kabuku kena. Analemba timalemba ting'onoting'ono, mbali zonse ziwiri za pepala, mafunso ochepa pa gawo lililonse, koma magawo onse atatu m'kabuku kamodzi, kofanana kwa mwana aliyense. Gawo loyambira ankauza mwana aliyense payekha pa desiki yake. Kabukuko ndinakaona pakhonde pake m'mawa wina ndikuthira mkaka.

"Mapepala yakwana manje?" ndinafunsa.

"Siyanakwane. Nachotsa mafunso ambiri abwino."

"Mukanachita choncho poyamba."

"Mkaka wanu lelo wachepa, atate."

Sunachepe. Tinasiyana choncho.

Mwanayo anabwerera kusukulu tsiku lotsegulira, analemba mayeso, anapita giredi 8. Gawo la nyenyezi zitatu sanalimalize. La mkaka lija anakhoza, ena ambiri anawasiya opanda kanthu. Koma dzina lija silinachoke. Mpaka lero pachitsime pali ena amene amamuitana Ba Nyenyezi, ndipo iye amayankha, akuti analizolowera. Ine sindinalizolowere. Ndikalimva ndili m'khola, ndimasiya kukama n'kutuluka kuti ndione amene wanena.