Mphuno ya Francis

Pa Namitete Flora amadziwika ndi dzina loti mayi a magemu, koma iye sanasewerepo gemu chibadwire. Kanyumba ka magemu kuseri kwa chigayo kanali ka mwamuna wake Francis, amene anamwalira atagwa pa lole ya fodya akupita ku okushoni zaka zinayi zapitazo. Foni yake, momwe munali zithunzi zonse za banjalo, inaphwanyikira pamsewu pomwepo. Flora anatsala ndi TV, mabenchi awiri, ndi PlayStation 2 yakuda yomwe inkalira ngati njuchi ikatentha.

Francis anali munthu wodzimva, Mulungu amukhululukire. Mu gemu ina ya nkhonya munali malo opangira wankhonya wako, ndipo iye anatha sabata yathunthu akudzipanga yekha: dazi lake, kandevu kake, mphuno yake, kupatula mimba, imene anaichepetsa mopanda manyazi. Anamusunga pa kakhadi kobaya kutsogolo kwa makinawo. Flora ankamuseka nazo. Maliro atatha anasiya kuseka. Chimbale cha gemuyo ndi kakhadiko anazichotsa pa shelefu n'kumazimanga pa nsonga ya chitenje. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankadzitsekera m'kanyumbamo n'kuyatsa. Francis ankaima pa TV manja ali m'mwamba, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ankapuma. Flora ankachita mantha, komabe ankamuuza za chimanga ndi za ana.

Chaka chatha makasitomala anayamba kuthawira kwina. Mlamu wake Gideon anapeza munthu wa ku Lilongwe wofuna kusinthanitsa: atenge makina akale ndi matumba a mtedza, asiye PlayStation 4.

"Nanga zimbale zakale?" anafunsa Flora.

"Alamu, DVD yanu ija sikuimba ma CD? Chatsopano chimadya zonse."

Flora anavomera ndi mtima wonse, pakuti ankakumbukira kuti makina akale aja ankawerenga ngakhale zimbale za PlayStation yoyamba. Palibe anamunamiza. Onse awiri anangoganiza kuti mwana aliyense amadziwa makolo ake.

Lamulungu lotsatira anafunafuna pobaya kakhadi, osapapeza. Analowetsa chimbale, TV inalemba kuti sichingawerengedwe. Anachipukuta ndi chitenje, anachiuzira mpweya, chimodzimodzi. Munthu wa ku Lilongwe uja anali atagulitsa kale makina akale kwa wina wosadziwika.

Lolemba anapita kwa Yusuf, wokonza mafoni ndi magemu pafupi ndi siteji ya minibasi, n'kumufotokozera za Francis wa m'kakhadi. Yusuf anatembenuza chimbalecho.

"Sichinafe, mayi. Koma PlayStation 4 siwerenga zimbale za 2, ngakhale za 3. Makina atsopano amawerenga zakale pokhapokha anawapangira zimenezo. Ya 5 yokhala ndi polowetsa chimbale imalandira za 4, koma ichi nayonso ichikana."

"Ndiye basi, eti?"

"Gemu imeneyi anaitulutsanso. Ndili nayo. Anaikonza zithunzi kuti ziziwala pa makina atsopano. Koma ndi chimbale china, ndipo za pa kakhadi kanu sichizidziwa. Munthu wanuyo tingachite kumupanganso."

Anayatsa pomwepo. Bwalo la nkhonya linali lomwe lija, nyimbo yomwe ija. Pakati panaima munthu wopanda dzina, wosalala, thukuta likuoneka dontho lililonse. Yusuf anamumeta dazi. Flora anagwedeza mutu kuvomera. Anamuika kandevu. Anavomeranso. Kenako pa TV panandandalika mphuno zambirimbiri.

"Yake inali iti?"

Flora anaziyang'ana imodziimodzi. Anagona pafupi ndi mphuno imeneyo zaka khumi ndi chimodzi, anaiyang'ananso pa TV zaka zitatu. Analoza yachitatu. Itakhala pankhope, munthuyo anafanana ndi Gideon. Analoza ina, anatuluka mlendo wa mano oyera, akupuma ngati mmene ankapumira Francis, akumuyang'ana. Apa m'pamene Flora anazindikira kuti nkhope ya mwamuna wake anaisungitsa kwa makina, iye mwini osasungako. Manyazi anamugwira kuposa chisoni.

"Zimitsani, achimwene."

Yusuf anazimitsa.

"Kodi m'kakhadimu akadalimo?"

"Alimo. Kakhadi sikafuna magetsi kuti kasunge. Pezani PlayStation 2 yamoyo, iliyonse, atuluka. Kungoti zikusowa masiku ano, ndipo zambiri diso lowerengera chimbale linafooka."

Kuyambira tsiku limenelo Flora amafunsa aliyense wobwera ndi katundu wakale, pa Namitete, pa Njewa, mpaka pa Nsaru tsiku la msika. Anapeza ziwiri. Ina sinayake, ina inangozungulitsa chimbale n'kukhala chete. Kanyumba kake tsopano kamadzaza, ndipo Gideon amati anachita bwino kusinthanitsa makina.

Lamulungu amadzitsekerabe. Sayatsa kanthu. Amamasula nsonga ya chitenje, n'kufumbata kakhadiko, n'kutsinzina. Dazi limabwera, kandevu kamabwera, koma pakati pa nkhope pamakhala popanda kanthu.