Tsamba 20

Mapepala anali m'katoni ya sopo, masamba 46 otayipidwa pa makina akale. Munali mndandanda wa mapuloti a mpunga a gulu la alimi a kwathu: dzina la mwini, nambala ya puloti ndi kukula kwake. Chiswe chinali chitayamba kudya m'mphepete. Apampando a gululo anamva kuti ndaphunzira zamakompyuta ku Zomba, ndiye anandipempha kuti ndiike zonse mu fayilo imodzi nyengo yowokera isanafike.

Sindinakane. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo anandilera ndi mpunga wa m'mapuloti awiri olembedwa m'mapepala omwewo.

Ndinakasikanitsa masambawo pa kashopu ka ku Malosa. Zithunzi ndinazipatsa manambala, 1 mpaka 46, n'kuziika mu foda imodzi. Kenako ndinalemba pulogalamu ya Python yotsegula chithunzi chilichonse, kuchiwongola ngati chapendama, kuchidula motsata mizere ya tebulo, n'kupereka kabokosi kalikonse kwa Tesseract, pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi. Pamapeto inkalumikiza matebulo onse kukhala tebulo limodzi lalikulu mu fayilo ya mtundu wa CSV.

Mlembi wakale anali ndi chizolowezi chake. Munthu akakhala ndi mapuloti angapo, dzina ankalitayipa kamodzi. M'munsimo ankangoika timadontho tiwiri, kutanthauza kuti mwini ndi yemweyo. Ndinauza pulogalamu kuti ikapeza timadonthoto izikopera dzina la mzere wapamwamba. Ndinayerekeza masamba asanu ndi mapepala, zonse zinagwirizana. Apampando anasindikiza mndandandawo n'kuumata pakhoma la shedi ya gulu.

Patapita masiku atatu ndinaona bambo wina wa puloti yoyandikana nafe akuyenda m'malire mwa puloti yathu yachiwiri, ya kufupi ndi ngalande. Ankaponda pang'onopang'ono, akuwerenga mapazi. M'mawa mwake tinapeza chikhomo pangodya, bambo uja ataima pomwepo.

"Achimwene, mwataya chiyani m'munda mwangamu?" agogo anamufunsa.

"Ayi, mayi, ndikungoona zanga. Kafunseni mdzukulu wanuyo, si ndiye mwini kompyuta?"

Agogo sanandifunse. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kuzula udzu mu nazale.

Ndinapita ku shedi. Puloti yoyamba inali m'dzina la malemu agogo aamuna, monga kale. Yachiwiri inali m'dzina la bambo uja.

Kunyumba ndinatsegula laputopu. Dzina la agogo aamuna linali mzere womaliza wa tsamba 19. Puloti yachiwiri inali mzere woyamba wa tsamba 20, pali timadontho tokha. Ndinauza pulogalamu kuti indionetse mmene inatsegulira zithunzi: 1, 10, 11, mpaka 19, kenako 2, kenako 20. Inasanja mayina a mafayilo ngati mawu, osati ngati manambala. Choncho tsamba 20 linabwera pambuyo pa tsamba 2, ndipo dzina lomaliza pa tsamba 2 linali la bambo uja, pa puloti yake ina ya kumtunda. Masamba ena amene anasokonekera malo ankayamba ndi dzina lathunthu. Lathu lokha ndi limene linkayamba ndi timadontho.

Kukonza kunali mzere umodzi wa pulogalamu, wosandutsa dzina la fayilo kukhala nambala isanasanje. Ndinawonjezanso danga losonyeza tsamba limene mzere uliwonse wachokera. Kenako ndinayerekeza masamba onse 46 ndi mapepala, chala pamzere, zimene ndikadachita poyamba.

Apampando anatiitanitsa ku shedi. Ndinayala tsamba 19 ndi tsamba 20 pabenchi.

"Ndinalakwitsa ndine," ndinatero. "Timadonthoti tikutsata dzina ili."

Bambo uja anaseka. "Dzulo kompyuta yati ndi yanga. Lero mdzukulu wa mwini nkhani waikomba m'kamwa, yati ndi yawo. Pa tsambali dzina lawo lili pati? Ine ndikuona timaso ta nkhanu basi."

Ena anaseka naye. Apampando sanaseke. Anati aliyense akudziwa amene wakhala akulima pamenepo, anamatula mndandanda woyamba n'kumata watsopano. Chikhomo anakazula okha.

Koma bambo uja anali atachititsa kale fotokope ya woyamba uja, wokhala ndi chidindo cha gulu. Ndinamuona akuipinda bwinobwino, n'kuiika m'kajumbo, n'kulowetsa m'thumba la malaya.

Tinawokera chaka chimenecho, ndi chotsatira. Agogo tsopano safika kumunda, miyendo inakana. Apampando aja anasiya udindo. Katoni ya sopo ndinaipempha, ili pamwamba pa kabati, ndipo mwezi uliwonse ndimaitsitsa kuona ngati chiswe chafika pa tsamba 19.

Bambo uja amandipatsa moni mwaulemu tikakumana pa ngalande. Za mvula safunsa, za mbewu safunsa. Amangofunsa kuti, "Agogo adzuka bwanji?"