Ine Wonenepa, Mnzanga Woonda

Nditakwatiwa ku Ntaja ndinali mtsikana wa thupi lapakati. Amuna anga anali ndi golosale pafupi ndi msika, ndipo ntchito yanga inali kukhala pa mpando kuseri kwa kauntala kuyambira m'mawa mpaka swala, pemphero la madzulo. Madzi ankatunga ndi ena, kumunda ankalima aganyu. Ine changa chinali tiyi wa mkaka wothira shuga wambiri, mandazi, ndi mpunga wa mafuta. Pomatha zaka zitatu, chitenje chimodzi chinkavuta kuzungulira m'chiuno, ndipo amayi akabwera kudzandiona ankati, “Akukusunga bwino.”

Koma mwana kunalibe. Kumwezi ndinkapita mwa apo ndi apo, mwina patatha miyezi itatu, mwina inayi. Nthawi iliyonse ndikadumphitsa ndinkayesa pathupi, ndipo azimayi a kumzikiti ankayang'ana mimba yanga n'kumamwetulira. Kenako magazi ankabwera. Ndinamwa mitsitsi, ndinamwa madzi otsukira mawu olembedwa ndi ashehe, osaphula kanthu.

Chaka chachisanu amuna anga anandiuza mofatsa kuti akwatira mkazi wachiwiri wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Sindinakane, ngakhale ndinatha sabata osawayankhula. Iwo anali ndi mwana wamwamuna kwa mkazi amene anasiyana naye kale, choncho aliyense ankati vuto ndi ine.

Mkazi mnzangayo anakhalabe kwawo monga mwa mwambo. Panapita zaka ziwiri, nayenso zii. Tsiku lina amuna anga pochokera kumeneko anakhala pakhonde osavula nsapato.

“Mnzanu uja sakupeza bwino,” anatero. “Akuti mwamulodza ndinu.”

M'mawa mwake ndinamanga khadi la chipani pa nsonga ya chitenje, chifukwa masiku amenewo sunkadziwa pamene akakufunse, n'kukwera lole ya ogula nsomba. Ndinkafuna ndikamve mawuwo ndi makutu anga.

Mnzangayo ndinamupeza akuyanika matemba pa thandala. Ukali wonse unathera pomwepo. Mafupa a m'khosi ankaoneka ngati zogwirira dengu, ndipo chibangili chinkatsetsereka mpaka m'chigongono. Chaka chimenecho mpunga unali utakanika, iye anali atadwala malungo kawiri, komabe ankalima yekha, kusenza nsomba, n'kumasiyira ang'ono ake chakudya chake.

“Kumwezi unapita liti?” ndinamufunsa titakhala awiri kuseri kwa nyumba.

“Akulu, chaka chatha chonse sindinaone kanthu,” anayankha akuyang'ana pansi. “Zoti mwandilodza si ine ndinanena.”

Ndinapempha amayi ake kuti ndipite naye kuchipatala. Anakayika, koma anavomera.

Tinapita ku chipatala china cha mishoni kufupi ndi Balaka. Mzamba amene tinamupeza anali mayi wachikulire wa magalasi, wosathamanga poyankhula. Anatikweza pa sikelo mmodzimmodzi, natiyimika pa khoma kuti aone msinkhu. Mnzangayo anamuyeza magazi, makhololo ndi chimbudzi. Chifuwa chachikulu sanam'peze nacho, koma magazi anali ochepa ndipo anali ndi njoka za m'mimba. Kenako mzambayo anatembenukira kwa ine.

“Nanga inu, mayi, ana alipo angati?”

“Iyayi, ine ndangoperekeza.”

“Ndafunsa ana.”

Ndinamuuza zonse. Anavula magalasi n'kutiyang'ana tonse awiri, wina wodzaza benchi, wina ngati bango.

“Mukuoneka osiyana, koma chimene chakuchitikirani n'chimodzi,” anatero. “Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira pambali pa chiberekero. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima n'kutuluka, ndipo popanda dziralo mimba singakhale. Chimene chimalamula dzira kuti likhwime ndi timadzi tina toyenda m'magazi, tochokera kumutu. Thupi likaonda kwambiri, chakudya chochepa, ntchito yambiri, limaona kuti silingathe kudyetsa mwana, ndiye limaleka kutumiza lamulo lija. Msambo umasiya.”

Analoza ine.

“Mafuta akachuluka nawonso amasokoneza timadzi tomweto. Dzira limayamba kukula koma osafika potuluka. N'chifukwa chake mumadumphitsa miyezi.”

Ndinamva manyazi. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti kunenepa ndi ulemu wa banja.

“Ndiye ndisiye kudya?”

“Iyayi. Mukadzimana koopsa mudzafanana ndi mnzanuyu. Chepetsani shuga ndi zokazinga, idyani ndiwo zamasamba, nandolo, nsomba, ndipo muziyenda. Simukufunika kubwerera thupi la utsikana. Kutsikako pang'ono kokha nthawi zambiri kumathandiza. Koma sindikulonjezani mwana. Zolepheretsa kubereka n'zambiri, zina zimakhala kwa bambo. Zikapanda kusintha mudzabwere nawo.”

Mnzanga anamupatsa mankhwala a njoka ndi owonjezera magazi, namuuza kuti apume ku ntchito zolemetsa ndipo azidya kangapo pa tsiku.

Pobwerera sindinamutumize kwawo. Anakhala nane ku Ntaja, ndipo tinasinthana malo. Iye anakhala pa mpando wanga wa m'golosale, ine ndinatenga ndowa ndi khasu. Phala la nsinjiro ndinkamuphikira m'mawa ndi masana, mazira, nsomba, mkaka umene kale unali wanga. Poyamba ankatha masipuni asanu n'kunena kuti wakhuta, ndiye ndinkakhala pambali pake mpaka mbale iyere. Iyenso akandiona ndikusuzumira m'beseni la mandazi ankalivundikira mwakachetechete.

Anthu analankhula. Ena ankati amuna anga ayamba kundizunza, popeza mkazi wamkulu akusenza madzi pamene wamng'ono wakhala pa mpando. Amayi anga anabwera dala kudzafunsa ngati ndikudwala. Tsiku loyamba kupita kumunda ndinapuma katatu panjira, ndipo kunena zoona, mandazi ndinkabako nthawi zina.

Mwezi wa Ramadani utafika, amuna anga anakafunsa ashehe za mnzangayo. Ashehewo anati wodwala amaloledwa kudya masana, adzabweza masikuwo akadzachira.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, masaya ake atadzaza, anandiitanira kubafa n'kundinong'oneza kuti waona magazi. Anali ndi mantha ngati namwali woyamba kumene. Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi, ndipo amene ndinamuperekeza kukachira ndinali ine.

Zanga zinachedwa. Thupi linatsika pang'onopang'ono, msambo unayamba kubwera mwezi ndi mwezi, koma zaka zina ziwiri zinadutsa. Tinabwerera kwa mzamba uja limodzi ndi amuna anga, ndipo anatitumiza kwa dokotala amene sanapeze china chachilendo mwa ife tonse. Ndinali nditayamba kuzolowera kuti wanga adzakhala mwana wa mnzangayo, amene ankagona kumsana kwanga kuposa kwa mayi ake. Kenako ndinadumphitsa miyezi iwiri, ndipo sindinauze munthu, poopa kusekedwa ngati kale. Mwezi wachitatu ndinasanza nditamva fungo la matemba.

Anabadwa wamwamuna, ndipo ndi yekhayo amene ndinabereka. Mnzanga anabereka ena anayi. Amuna athu atamwalira iye anabwerera kwawo ku Chiuta, ine ndinatsala ku Ntaja, koma ana athu anakula osasiyanitsa khomo. Mpaka lero, mpunga ukacha kwawoko, thumba loyamba amatumiza kuno.