Chaka chino Pasaka wathu wasiyana ndi wa Ayuda

Lachiwiri lapitali ndinakangana ndi asisi anga aTisa pa foni, ndipo wolakwa ndinali ine.

ATisa amagwira ntchito ku Joni, kusamalira mayi wina wokalamba wachiyuda. Chaka chilichonse ana a mayiyo amadzawatenga kukadya nawo Paskha wa Ayuda, ndiye asisi amapeza tchuthi n'kukwera basi kubwera ku Kitwe. Chiyambire ntchitoyi mu 2017, sanaphonyepo Pasaka wathu.

Chaka chino mkazi wanga Chanda akubatizidwa pa Pasaka, atatha zaka ziwiri m'kalasi ya ubatizo, ndipo anasankha mlamu wakeyo kuti akhale amayi ake aubatizo. Ndinaimba kufunsa tsiku lowachingamira.

"Ndinyamuka pa 20 Epulo," anatero.

"Asisi, Pasaka ndi pa 31 Malichi."

"Iwe, usandisokoneze. Kuno Paskha ayamba pa 22 Epulo madzulo. Zili pa kalendala ya amayi kukhitchini."

Ndinawauza kuti awerenga molakwa. Kodi Ambuye sanafe pa nyengo ya Paskha wa Ayuda? Zingasiyane bwanji milungu itatu? Chanda anali kumvetsera ali chiimire pakhomo. Anangodandaula m'chilankhulo chakwawo kuti, "Awe mwandi," n'kubwerera m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapita ku Nkana West kwa aZulu, akatekisiti athu, amene kale ankayeza malo ku mgodi. Nditawafotokozera, anaseka, n'kutenga pensulo.

"Mpingo umayambira pa 21 Malichi," anatero, "nthawi imene usana ndi usiku zimalingana. Umadikira mwezi wathunthu woyamba kuchokera tsiku limenelo, ndipo Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. Chaka chino mwezi ukhala wathunthu pa 25 Malichi, Lolemba. Werengani nokha, aPhiri."

Ndinawerenga. Pa 31.

"Nanga Ayuda?"

Anati kwa iwo mwezi uliwonse wa kalendala umayamba mwezi ukangokhala kumwamba. Paskha amagwa pa tsiku la 15 la mwezi wotchedwa Nisani, pamene mwezi uli wathunthu. Kawirikawiri umakhala mwezi wathunthu womwewo umene mpingo ukudikira. N'chifukwa chake iwo amayamba, ife n'kutsatira Lamulungu la m'kati mwa chikondwerero chawo.

Vuto ndi loti miyezi 12 yakumwamba imangokwana masiku pafupifupi 354. Imaperewera 11 pa chaka cha dzuwa. Akangoisiya, Paskha angamabwerere m'mbuyo mpaka kukagwa pa Khirisimasi. Ndiye pa zaka 19 zilizonse, kasanu ndi kawiri, amaonjezera mwezi wa 13 Nisani asanafike.

"Chaka chino aonjezera," anatero aZulu. "Mwezi wathunthu wa pa 25 Malichi, kwa iwo si wa Nisani. Ndi wa mwezi woonjezerawo. Adikira winawo."

Apa chidwi chinandigwira. Ngati akuonjezera n'cholinga choti asasiyane ndi dzuwa, bwanji sakugwirizana ndi ife?

AZulu anati mpingo nawo suyang'ana kumwamba, umatsata ndondomeko yolembedwa ya zaka 19. Koma ndondomeko ya Ayuda imawerengera chaka motalikirako ndi timphindi tochepa poyerekeza ndi kalendala yathu. Timphindi timeneti taunjikana kwa zaka mazanamazana mpaka kukwana masiku angapo. Lero, pa zaka zitatu mwa 19, iwo amaonjezera mwezi pamene mpingo ukuona kuti mwezi wa Malichi wakwanira kale. Zinachitika mu 2016, zachitika chaka chino, zidzachitikanso mu 2027.

Asisi anayamba ntchito chaka chotsatira 2016. Kasanu ndi kawiri zinangogwirizana, ine n'kuyesa ndi lamulo.

Si mmene tilili ambirife? Chinthu chikachitika kangapo timasiya kufunsa chimene chimachiyendetsa. Kukwaya, kugulu lathu la mapemphero la tilitonse, tonse timadziwa tsiku la Pasaka chifukwa linalengezedwa. Ndani mwa ife anatulukapo panja m'Malichi kukaona mwezi umene umabweretsa tsikulo? Ine ndakula ndikuimba za Paskha, koma sindinkadziwa n'komwe kuti eni ake ali ndi chaka cha miyezi 13.

Ndinaimbanso ku Joni kupepesa. Asisi anakafotokozera amayi aja, n'kuwapatsa foni kuti ndilankhule nawo ndekha.

"Mwezi woonjezerawo ndimaudziwa kuyambira ubwana," anatero m'Chingerezi, pang'onopang'ono. "Koma kuti inu mumawerengera kuchokera pa 21 Malichi, ndamva lero. Zaka zonsezi ndimayesa mumangotsatira ife."

Amayiwo awalola asisi masiku asanu. Mwana wawo wamkazi adzagona nawo mpaka asisi abwerere, nthawi yoyeretsa nyumba ya Paskha isanafike. Masiku awiri mwa asanuwo athera m'basi, ndipo asisi akuti miyendo ikatupa mlandu ndi wanga.

Chanda wapita kale kwa telala ku Parklands. Nsalu yoyera wagula yokwana anthu awiri, iye ndi asisi.