Malata Khumi ndi Limodzi

Amuna anga anasiya akazi awiri, munda wa khofi, ndi kabotolo ka jekeseni. Kabotolo kochepa ngati chala, koma kanandiyendetsa mapiri a Misuku mpaka zidendene kung'ambika. Ndinayenda ine, ndinayenda!

Munali golide m'kabotolomo. Bambowo ali mnyamata anakakumba ku Chunya, tsidya la ku Tanzania, nabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa ndi fumbi lachikasu limenelo. Chifuwa chinawatenga chaka chomwe tinavota kuti zipani zikhale zambiri. Fumbi linatsala.

Maliro atatha, alamu, mng'ono wawo wa malemu, anatiitana akazi tonse awiri, ine ndi mkazi mnzanga wamkulu amene ndinkawatchula kuti Akulu. Anamangirira zitsekero ziwiri za mabotolo pa kamtengo ndi ulusi, uku fumbi, uku timitengo ta machesi, monga ankayezera malemu. Timitengo khumi kwa Akulu, timitengo khumi kwa ine. Khumi kwa Akulu, khumi kwa ine, mpaka kabotolo mbee. Tonse tinaona. Tonse tinawomba m'manja.

Akulu sanachedwe. Mvula isanayambe anapita kuboma, kwa bambo wina wogulitsa zipangizo za njinga amene ankagulanso golide n'kumakagulitsa tsidya lija. Anabwerako ndi malata khumi ndi awiri, ndalama yonse inathera pamenepo. Denga lawo linawala mpaka anthu a phiri linalo ankaliona.

Ine golide wanga ndinamusokerera mumpendero wa chitenje chakale. Sikuti ndinali wochenjera ayi. Ndinkangomva ngati ndikagulitsa ndiye kuti bambowo ndawaika m'manda kachiwiri. Chaka chathunthu chinadutsa. Tinavotanso, boma linasintha, mchere unakwera, sopo anakwera, udzu wa padenga langa unavunda. Mitambo itayamba kusonkhana ndinati basi, nanenso malata.

Ndinatsika wapansi mpaka kumsewu, ndinakwera lole, ndinafika kwa bambo wa njinga yemweyo. Anayeza, analemba timanambala padzanja lake, anayamba kundiwerengera makwacha. Akuwerenga, akuwerenga, osaleka. Ndinati mwina bamboyu wasokonezeka, ndikhale chete. Ndalamazo zinakwana za Akulu zija pafupifupi katatu.

Amama ine! Malata ndinawaiwala. Ndinagula chitenje chatsopano, shuga, mchere wa tsidya, n'kubwerera kumudzi ndi ndalama zotsala pamimba kuti ana akazione kaye. Phiri lonse ndinakwera ndikuimba. Wandikumbuka mwamuna wanga, wandikumbuka ali m'manda! Golide wabala, wabala ngati mbuzi! Nthungululu ndinkaziimba ndekha, ndekha n'kuvomera. Pakhomo ndinayala ndalama pamphasa, aliyense wodutsa aone. Pakamwa panga pamenepa, Mulungu anapapanga popanda chitseko.

M'mawa mwake Akulu anabwera osapereka ndi moni womwe.

"Iwe wa ku Nthalire, golide amabala?"

"Akulu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka wopusa. Tinayeza pamodzi, eti? Wogula ndi mmodzi, eti? Nanga iwe katatu, ine kamodzi? Unatapa kabotolo kaja bambo akudwala. Sunkachoka kumutu kwawo, ife timati chikondi."

Ndinalumbira, ndinaloza kumanda, ndinalira. Akulu anangopinda manja. Madzulo ake alamu anabwera, chipewa m'manja, maso pansi.

"Mlamu, nkhaniyi yamveka. Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi abale akhala pansi. Ngati munaba za malemu, mubwerera kwanu ku Nthalire. Ana ndi a pano, munda ndi wa pano. Mukudziwa."

Ndinkadziwa. Ng'ombe zinaperekedwa kalekale, ana anga anayi anali a pamudzipo. Wotsiriza anali asanaleke n'kuyamwa chala komwe.

Kutacha linali Lachitatu. Kukhala pansi kunandikana. Ndinasesa bwalo losesa kale. Ndinapita kumunda, khasu n'kulisiya pomwepo, ndinabwerera, ndinapitanso. Ndinafunsa mphunzitsi, anati za golide sazidziwa. Ndinafunsa mkulu wa mpingo, anati pempherani. Ndinapemphera ndili chiimire. Mumtima funso linali limodzi: ngati sindinabe, ndalamazi zachokera kuti? Ngakhale ine mwini ndinayamba kudzikayikira.

Lachinayi ndinatsikanso phiri, mwana ndasiyira mkulu wake, ndalama pamimba.

Bambo wa njinga ndinamupeza akuwongola sipoko. Ankalankhula Chichewa chothira Chiswahili, golide ankamutcha dhahabu.

"Mama, mwabweranso ndi ina?"

"Ndabwera ndi mlandu, bambo. Chifukwa chiyani munandipatsa zambiri kuposa mkazi mnzanga? Kodi munamubera iyeyo, kapena mwandikonda ine?"

Anaseka mpaka sipoko inagwa. "Mama, ndili ndi mkazi wolusa. Sindinabere munthu, sindinakonde munthu. Dhahabu yanu ndi ya mnzanu inali yolemera chimodzimodzi."

"Ndiye golide wakwera mtengo?"

"Sanakwere. Ndimamvera wailesi ya kunja tsiku ndi tsiku. Mtengo wa dhahabu amautchula m'madola, ndalama ya ku Amerika, ndipo chichokereni chaka chatha wangogwedezeka pang'ono, uli pomwe unali."

"Sanakwere, koma wakwera. Bambo, musandizunguze, mutu wanga ndi umodzi."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza mayi wina amene ankagulitsa mawere pakhonde. Anabwereka chitini chake chachikulu ndi kachitini ka tomato. Anadzaza chachikulu, n'kukhuthulira m'lichero.

"Zitini zingati?"

"Chimodzi."

Anayezanso mawere omwewo ndi kachitini kaja. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Tsopano zingati?"

"Zitatu."

"Mawere abala?"

"Ayi, chitini ndicho chachepa."

"Basi! Mawere ndi dhahabu yanu. Chitini ndi kwacha. Chaka chino boma linaisiya kwacha kuti ipeze yokha mtengo wake, ndipo yatsika. Dola imodzi imene chaka chatha inkagulidwa ndi makwacha ochepa, lero ikufuna katatu. Ine ndikagulitsa dhahabu tsidya lija, mtengo amawerengera pa dola, madola ake omwewo a chaka chatha. Koma madola amenewo ndikawasintha kuno, makwacha akutuluka katatu."

"Nanga bwanji osandipatsa mtengo wakale, zotsalazo n'kudya nokha? Ine ndikanadziwa?"

"Lero simukanadziwa. Mawa mukanamva kuti wogula mnzanga wa pachipata cha msika akugula katatu, mukananditukwana msika wonse, ndipo palibe akanabweranso kwa ine. Dhahabu siwola, silemera, imawoloka malire m'thumba la malaya. Aliyense amadziwa kuti ili ndi mtengo wa dola."

Ndinamva, koma mtima sunakhale pansi. Ine ndamva, nanga Akulu? Ndikakwere phiri ndi zitini ziwiri, ndikaimbe za dola pamaso pa abale? Adzati wa ku Nthalire waphunzira bodza la kuboma. Ndinamupempha bamboyo kuti akachitire umboni. Anakana, anati Loweruka akuwoloka malire.

"Koma mama, ndalamazo musagone nazo. Chitini chikuchepabe. Munkafuna kugula chiyani?"

"Malata."

"Malata chitsulo chake chimachokera kunja, nawonso amatsata dola. Thamangani."

Ndinathamangadi, chitenje m'manja. Kusitolo ndinafunsa mtengo wa lata limodzi, mtundu womwewo wa Akulu, kutalika komweko. Wogulitsa atatchula ndinagwira pakauntala. Katatu! Ndinamasula ndalama zonse, iye anawerenga, anati malata khumi ndi limodzi, ndipo makwacha otsalawo sakwana ndi misomali yomwe.

Khumi ndi limodzi. Akulu khumi ndi awiri.

Anthu m'sitolomo anadabwa kuona mayi amene ndalama zamuchepera akuvina. Ndinavina ine, ndinavina! Zachepa, zachepa, yewo Chiuta, zikomo Mulungu, zachepa! Wogulitsa anati, "Amama, mwamwa?" Ndinati ndamwa malata.

Vuto linatsala lokweza. Lole yopita kwathu Lachisanu sinapezeke. Ndinagona kwa mbale wanga wina, m'mawa ndili kale pamsewu, ndikhale pamalata, ndiimirire, ndikhalenso. Loweruka inabwera lole ya feteleza. Mwini wake anafuna zambiri, akuti dizilo wakwera. Ndinamupatsa makwacha otsala aja, ndi shuga yemwe mbale wanga anandipatsa. Anatitsitsa m'munsi mwa phiri. Azimayi anayi a kumpingo kwathu anandithandiza kusenza, malipiro ake nkhuku imodzi. Nkhuku yokha ndiyo inali isanamve za dola, mtengo wake unali wangosuntha pang'ono.

Lamulungu abale anakhala pabwalo la Akulu, pansi pa denga lawo lowalalo. Alamu atayamba kulankhula ndinati, "Alamu, pepani, mawu anga ali kuseriku." Tinatulutsa malata n'kuwayala pansi limodzilimodzi, phokoso lake nkhuku kuthawa.

"Akulu, ndalama zanga zonse zija ndi izi. Werengani zanga, muwerenge zanu."

Akulu anadzuka. Anawerenga pansi ndi phazi. Anakweza maso, anawerenga denga lawo ndi chala. Anabwerezanso pansi. Anasanthula malata awiri, mwina amatirirana.

"Zina wabisa."

"Risiti iyi, apatseni alamu. Zina ndi chitenje ndavalachi, ndi shuga amene ana anu anamwa nawo Lachiwiri."

Alamu anawerenga risiti, n'kuimba mluzu. "Lata limodzi mtengo umenewu?" Wina wa abale anati ndi zoona, iyenso anakafunsa mwezi womwewo n'kubwerera chimanjamanja. Pamenepo ndinatulutsa zitini ziwiri ndi mawere, ndinayeza monga anayezera bambo wa njinga. Malata anali atalankhula kale, zitini zinangovomera.

Akulu anayang'ananso malata aja. Kenaka anati, "Ndiye phiri lonse lija unkaimbira malata khumi ndi limodzi?"

"Eya, Akulu."

"Mbala yanji yoba n'kutsala m'mbuyo?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Alamu anavala chipewa chawo, anati nkhani yatha, munthu asaitchulenso. Akulu sanapepese, si anthu opepesa. Analowa m'nyumba, natuluka ndi misomali yotsala ya denga lawo, yokutidwa m'pepala la shuga, n'kundiponyera pamiyendo.

"Ukhomere msanga, mvula ili pafupi. Ndipo uzitseka pakamwapo."

Sindinatseke. Ana anga anayi anakulira pamudzi womwewo, khofi ndinathyola mpaka maondo atakana. Lata lakhumi ndi chiwiri ndinkati ndigula khofi akagulidwa, koma chaka chilichonse ndikasonkhanitsa, ilo lasunthanso. Ngodya ya kumoto tinafolera udzu. Akulu mpaka kumwalira kwawo, akabwera kudzacheza mvula ikugwa, ankasuntha mpando kuthawa dontho, n'kunena kuti, "Pamene pakudonthapa ndi chitenje chako chatsopano chija."